Msambo wodumphadumpha: dzira likamachedwa kutuluka, mwayi wa pathupi umachepa bwanji?

M'mudzi, ukwati ukatha zaka ziwiri popanda mwana, mawu amayamba kuyenda. Ena amati mkaziyo ndi chumba. Ena amati anamumanga. Apongozi amayamba kufunsa mafunso, ndipo mwamuna amalangizidwa kuti ayang'ane kwina. Koma kawirikawiri palibe amene amafunsa funso losavuta ili: kodi mayiyu amasamba kangati pa chaka?

Funso limeneli lili ndi ntchito yaikulu. Pali vuto lina la m'thupi limene limachititsa kuti msambo uzibwera patalipatali, ndipo ndi limodzi mwa zifukwa zazikulu zimene amayi amachedwera kutenga pathupi. Madokotala amalitcha sindoromi ya ovariyo polisisitiko. Pa pepala la kuchipatala mukhoza kuona zilembo zitatu zokha: SOP. Ife pano tizingoti vuto la timatumba tambiri ta mazira. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse limati vutoli limapezeka mwa amayi 6 mpaka 13 pa amayi 100 alionse a msinkhu wobereka, ndipo ambiri mwa iwo sadziwa kuti ali nalo.

Mayi amene ali ndi vutoli mazira ali nawo, ndiponso ambiri. Chimene chimavuta n'chakuti dzira silikhwima ndi kutuluka pa nthawi yake. Kuti timvetse zimenezi, tiyambe taona mmene thupi limachitira zinthu zikakhala bwino.

Mmene dzira limakhwimira mwezi ndi mwezi

M'munsi mwa mimba ya mayi muli chiberekero. Kumanja ndi kumanzere kwake kuli nkhokwe ziwiri zazing'ono zosungira mazira. Mwana wamkazi amabadwa ali kale ndi mazira ake onse m'nkhokwe zimenezi. Dzira lililonse n'laling'ono kwambiri, ndipo limakhala m'kathumba kakekake.

Nkhokwezi sizigwira ntchito pazokha. Zimadikira uthenga wochokera ku kachiwalo kakang'ono kamene kali pansi pa ubongo. Uthengawu umayenda m'magazi, ndipo umatchedwa mahomoni.

Msambo ukayamba, uthenga woyamba umafika: timatumba tiyambe kukula. Timatumba tingapo timayamba kukulira limodzi. Pakapita masiku, kathumba kamodzi kamapitirira tinzake, ndipo tinato timasiya kukula n'kufota. Kamodzi kaja kamakula mpaka kufika pafupifupi masentimita 2. Pamenepo uthenga wachiwiri umabwera mwamphamvu, kamodzin'kamodzi. Kathumbako kamang'ambika, dzira n'kutuluka, n'kulowa m'njira yopita ku chiberekero.

Dzira likatuluka silikhalitsa. Limakhala ndi moyo tsiku limodzi lokha, mwinanso osakwana. Mbewu ya abambo ndi imene imapirira, chifukwa imatha kukhala m'thupi la mayi mpaka masiku 5. Choncho pa msambo uliwonse, masiku amene mayi angatenge pathupi ndi 6 okha: masiku 5 dzira lisanatuluke, ndi tsiku limene latuluka.

Dzira likapanda kukumana ndi mbewu, msambo umabwera patapita masiku pafupifupi 14. Gwiritsitsani mfundo imeneyi, chifukwa tiigwiritsanso ntchito kutsogoloku. Msambo umatsatira dzira. Dzira likachedwa, msambo nawonso umachedwa.

Pamene pamasokonekera

Mlimi aliyense amadziwa zimene zimachitika mbewu zikachuluka pa phando limodzi. Zonse zimamera, koma palibe imene imakula bwino mpaka kubereka. Zimene zimachitika m'nkhokwe ya mazira ya mayi wa vutoli n'zofananako. Timatumba tambiri timayamba kukula, koma tonse timaima panjira tisanafike ngakhale sentimita imodzi. Palibe kamene kamapitirira tinzake. Popanda kathumba kokhwima, uthenga wachiwiri uja subwera mwamphamvu yake, ndipo dzira silituluka.

N'chiyani chimaimitsa timatumbati? Pali zinthu ziwiri zimene zimakokerana.

Choyamba ndi mahomoni achimuna. Mayi aliyense ali nawo pang'ono, ndipo n'zachibadwa. Koma mwa mayi wa vutoli, nkhokwe za mazira zimapanga ochulukirapo. Mahomoni amenewa akachuluka amasokoneza kukula kwa timatumba. Ndi omwewonso amene amabweretsa tsitsi pachibwano, pamwamba pa mlomo, pachifuwa kapena pansi pa mchombo, komanso ziphuphu zosatha kumaso.

Chachiwiri ndi insulini. Iyi ndi homoni imene imalowetsa shuga m'minofu tikadya. Amayi ambiri a vutoli ali ndi thupi losamvera bwino insulini, choncho thupi limapanga yambiri kuti ntchito itheke. Insulini ikachuluka imakankha nkhokwe za mazira kuti zipange mahomoni achimuna ochulukirapo. Kunenepa, makamaka kwa pamimba, kumawonjezera kusamvera kumeneku. Chizindikiro chimodzi cha insulini yochuluka ndi khungu lakuda ndi lokhuthala kumbuyo kwa khosi kapena m'khwapa, limene silichoka ngakhale mutalitsuka ndi sopo.

Koma musaganize kuti ndi vuto la onenepa okha. Amayi ochepa thupi nawonso amakhala nalo. Limayenda m'magazi a pamtundu, moti mayi, mwana wake wamkazi ndi mng'ono wake akhoza kukhala nalo onse. Silipatsirana pogonana. Silibwera chifukwa cha mapiritsi kapena jakisoni wolera. Silichokeranso kwa munthu woipa mtima.

Dzina la vutoli limaopsa anthu ena, chifukwa akamva za timatumba amaganiza zotupa zofunika opaleshoni. Ayi. Timatumba timeneti ndi nyumba za mazira zimene zaima panjira, si zotupa za khansa, ndipo sitifunika kudulidwa.

Tiwerenge pa kalendala

Tiyerekeze amayi awiri okhala moyandikana, onse a zaka 28, onse akufuna mwana.

Woyamba amasamba pakapita masiku 28 alionse. Pa chaka dzira limatuluka ka 13. Ndiye kuti ali ndi mipata 13 yoti atenge pathupi. Si mpata uliwonse umene umagwira. Ngakhale mwamuna ndi mkazi onse ali bwinobwino, mwezi umodzi mwayi wake umakhala pafupifupi umodzi pa inayi kapena isanu. Koma popeza mipata ndi yambiri, mabanja ambiri otere amaona pathupi chaka chisanathe.

Wachiwiri ali ndi vuto tikukambali. Iye analemba m'kope tsiku loyamba la msambo uliwonse kwa chaka chathunthu. Analemba motere: 5 Januwale, 2 Malichi, 20 Meyi, 1 Julayi, 10 Okutobala, 28 Novembala.

Tiwerenge masiku apakati. Kuchokera pa 5 Januwale kufika pa 2 Malichi ndi masiku 56. Kenako 79, kenako 42, kenako 101, kenako 49. Msambo wabwinobwino umabwera pakati pa masiku 21 ndi 35. Wa mayiyu palibe ndi umodzi womwe umene uli m'kati mwa malire amenewa. Pa chaka chonse wasamba ka 6 kokha.

Apa tikuona zinthu zitatu.

Choyamba, mipata yachepa. Mnzake ali ndi 13, iye ali ndi 6 kapena kucheperapo.

Chachiwiri, si magazi alionse amene amasonyeza kuti dzira linatuluka. Dzira likapanda kutuluka kwa nthawi yaitali, khungu la m'kati mwa chiberekero limangokhuthala, ndipo tsiku lina limayamba kuyoyoka lokha. Magazi otere nthawi zambiri amakhala ochuluka kapena otenga masiku ambiri. Choncho mwina mwa misambo 6 ija, inayi yokha kapena itatu ndi imene inali ndi dzira.

Chachitatu, tsiku la dzira silidziwika. Mayiyu anamvapo kuti dzira limatuluka pa tsiku la 14. Atasamba pa 5 Januwale, iye ndi mwamuna wake anaikira mtima pa 18 Januwale. Sabata yotsatira bamboyo anapita kukagwira ntchito kutali, n'kubwera kumapeto kwa Febuluwale. Tsopano tikumbuke mfundo ija yakuti msambo umatsatira dzira ndi masiku pafupifupi 14. Tikabwerera m'mbuyo kuchokera pa 2 Malichi, tifika pa 16 Febuluwale. Ngati dzira linatuluka, linatuluka cha pamenepo, pa tsiku la 43, bambo kulibe. Mpata unadutsa onse osadziwa.

Kuwerenga kwa tsiku la 14 kumathandiza mayi wa msambo wa masiku 28 yekha. Kwa mayi wa msambo wodumphadumpha, njira yabwino ndi yakuti iye ndi mwamuna wake azikhalira malo amodzi pakapita masiku awiri kapena atatu alionse, osasankha sabata. Mayi akhozanso kuyang'anira chikazi. Dzira likayandikira kutuluka, chikazi chimakhala choyera ngati madzi, choterera ndi chonanda ngati choyera cha dzira la nkhuku laliwisi. Komabe kwa mayi wa vutoli chizindikiro chimenechi chimatha kunama, chifukwa thupi limayesa kangapo kutulutsa dzira n'kulephera.

Pali phunziro linanso m'kope limeneli. Mayi wosamba patalipatali amene sakufuna mwana panopa asanene kuti ine sindingatenge pathupi. Dzira limatha kutuluka tsiku limene simukuliyembekezera. Njira yolera ndi yofunika kwa iyenso.

Mmene achipatala amalidziwira

Palibe kuyeza kumodzi kumene kumanena zonse. Madokotala amatsata mfundo zimene akatswiri anagwirizana mu mzinda wa Rotterdam m'chaka cha 2003. Amayang'ana zizindikiro zitatu, ndipo ziwiri zikapezeka, vutoli lilipo.

Chizindikiro choyamba ndi msambo wobwera patapita masiku oposa 35, kapena wosakwana ka 8 pa chaka. Chachiwiri ndi mahomoni achimuna ochuluka, ooneka ndi maso monga ndevu ndi ziphuphu, kapena opezeka poyeza magazi. Chachitatu ndi timatumba tambiri tating'ono tooneka pa makina ounikira m'mimba, amene kuchipatala amati ekogirafiya.

Onani kuti mayi wa m'chitsanzo chathu, ngati alinso ndi tsitsi pachibwano, zizindikiro ziwiri zakwana kale asanafike n'komwe pa makina. Onaninso kuti makina okha sakwanira. Amayi ena, makamaka atsikana, amaoneka ndi timatumba tambiri koma amasamba bwino ndipo alibe vuto lililonse.

Asanatsimikize, achipatala amayenera kuchotsa zifukwa zina zimene zimaimitsanso msambo. Choyamba amayeza ngati mayi ali woyembekezera kale. Amafunsa ngati akuyamwitsa, kapena ngati wangosiya kumene jakisoni wolera wa miyezi itatu, chifukwa akasiya jakisoniyu msambo umatha kutenga miyezi ingapo usanabwerere m'malo mwake. Amaonanso za chithokomiro, za homoni yopangitsa mkaka, ndi ngati mayi waonda kwambiri chifukwa cha matenda kapena njala.

Mwamuna nayenso ayenera kuyezetsa umuna. Kutha kugona ndi mkazi sikusonyeza kuti mbewu ndi zokwanira. Njira za mazira za mayi nazonso zimafunika kuonedwa, chifukwa matenda opatsirana pogonana amene sanachizidwe amatha kuzitseka. Mankhwala otulutsa dzira sangathandize ngati njira ndi yotseka kapena mbewu palibe.

Zimene zimathandiza dzira kutuluka

Vutoli silitheratu, koma kutuluka kwa dzira kumatha kukonzedwa. Amayi ambiri amene ali nalo amadzabereka, ena paokha, ena ndi chithandizo.

Kwa mayi amene thupi lake ndi lolemera kupitirira muyeso, sitepe yoyamba ndi kutsitsako pang'ono. Sikuti aonde ayi. Kutsitsa makilo 5 mpaka 10 pa makilo 100 alionse nthawi zambiri kumakwanira kuti insulini itsike ndi msambo uyambe kuyandikirana. Ngati mayi wathu uja amalemera makilo 80, ndiye kuti tikunena makilo 4 mpaka 8, m'miyezi ingapo. Achepetse shuga wa mu tiyi, zakumwa zotsekemera za m'mabotolo ndi zokazinga. Nsima ikhale yochepako, makamaka ya mgaiwa, ndipo ndiwo za nyemba, nandolo, nsomba ndi masamba zichuluke. Aziyenda mwachangu kapena kugwira ntchito yotulutsa thukuta kwa theka la ola, masiku asanu pa sabata. Mayi wochepa thupi kale sayenera kudzimana chakudya, chifukwa sizingamuthandize.

Zimenezi zikapanda kukwanira, pali mapiritsi odzutsa nkhokwe za mazira. Odziwika ndi awiri: letirozolo, amene madokotala masiku ano amaika patsogolo, ndi kolomifeni, amene akhala akugwiritsidwa ntchito kwa zaka zambiri. Onsewa amamwedwa masiku 5 okha, kumayambiriro kwa msambo. Ntchito yawo ndi kuchititsa ubongo kutumiza uthenga woyamba uja mwamphamvu, kuti kathumba kamodzi kapitirire tinzake. Zikayenda, dzira limatuluka patapita masiku 5 mpaka 10 kuchokera pa piritsi lomaliza.

Mungadziwe bwanji kuti zagwira? Ngati pathupi sipanabwere, msambo umabwera wokha masiku 35 asanakwane. Dokotala akhozanso kuona kathumbako pa makina, kapena kuyeza magazi patatsala sabata imodzi kuti msambo ubwere. Ngati dzira silinatuluke, amawonjezera mlingo mwezi wotsatira. Kawirikawiri amayesa kwa miyezi pafupifupi 6, ndipo zikakanika amatumiza banjalo kwa akatswiri a chipatala chachikulu, kumene kuli njira zina.

Amayi ena amapatsidwanso metifomini, mankhwala a matenda a shuga, kuti thupi lizimvera insulini. Kupatsidwa mankhwalawa sikutanthauza kuti muli kale ndi matenda a shuga. Masiku oyamba amatha kuchititsa nseru kapena kutsegula m'mimba, n'chifukwa chake amayamba ndi mlingo wochepa, pomwera pa chakudya.

Mapiritsi otulutsa dzira si ogula pamsika kapena kubwereka kwa mnzanu. Akhoza kukhwimitsa mazira angapo nthawi imodzi, n'kubweretsa mapasa kapena ana atatu, ndipo mimba yotere ili ndi zoopsa zake. Nthawi zina nkhokwe za mazira zimatupa. Mukamwa mankhwalawa n'kumva mimba ikupweteka kwambiri kapena kufufuma, kupuma movutikira, kapena maso kuona zachimbuuzi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Musadikire zaka

Lamulo la masiku onse limati banja lipite kuchipatala likatha chaka chimodzi likuyesa osaona pathupi, kapena miyezi 6 ngati mayi wakwanitsa zaka 35. Koma mayi wa msambo wodumphadumpha sayenera kudikira chaka. Kope lake lanena kale kuti dzira silikutuluka bwino. Zaka zimene zimathera poyendayenda kofuna mankhwala kwina ndi zaka zimene mazira akukalamba.

Ngakhale amene sakufuna mwana, akatha masiku 90 osasamba pamene sali woyembekezera, sakuyamwitsa ndiponso sali pa njira yolera, apite akaonedwe. Taona kuti khungu la m'kati mwa chiberekero limakhuthala dzira likapanda kutuluka. Likasiyidwa choncho kwa zaka, limawonjezera ngozi ya khansa ya m'chiberekero. Achipatala ali ndi mapiritsi obweretsa msambo ndi kuteteza chiberekero. Mayi wathu uja, pa mpata wa masiku 101 wa pakati pa Julayi ndi Okutobala, anayenera kupita.

Pathupi pakabwera, yambani sikelo msanga ndipo muwauze anamwino kuti muli ndi vutoli. Amayi otere amapezeka kawirikawiri ndi shuga wokwera kapena kuthamanga kwa magazi pa nthawi yoyembekezera, ndipo zikadziwika msanga zimasamalika. Tsiku lobereka nalonso silingawerengedwe bwino kuchokera pa msambo womaliza. Makina ounikira m'mimba, m'miyezi itatu yoyambirira, ndi amene amanena zoona.

Chida choyamba ndi kope ndi pensulo

Namwino akafunsa kuti munasamba liti komaliza, ambiri timayankha kuti kalekale, kapena nthawi yokolola. Yankho lotere silimuthandiza. Tengani tsamba limodzi la kope lanu. Msambo ukayamba, lembani tsiku ndi mwezi. Ukatha, lembani kuti watenga masiku angati. Wotsatira ukabwera, werengani masiku apakati n'kulemba nambalayo pambali. Ngati kulemba mayina a miyezi kukuvutabe, ikani mtanda pa kalendala ya pakhoma.

Nambala zikamapitirira 35, nyamulani kopelo, muitane amuna anu, mupitire limodzi kuchipatala cha pafupi. Mukafika nenani momveka kuti msambo wanga umabwera patalipatali, masiku ake ndi awa, ndipo tikufuna mwana.